Khanda Likamagona Masana n'Kuchezera Usiku

Pakhomo pamene pabadwa mwana, dandaulo lalikulu la masabata oyambirira limakhala la tulo. Masana onse khanda lili gone, alendo odzaona mwana akuyamikira kuti n'lofatsa. Koma anthu akangozimitsa nyali kuti apume, ilo maso ali tuzu. Liyamwa, ligona pang'ono, lidzidzimuka, lilira, liyamwanso, mpaka tambala woyamba. Kukacha aliyense amabwera ndi yankho lake. Agogo akuti m'mimba mukumupota, aneba akuti mwamuzoloweza m'manja, ndipo mayi mwiniwake amayamba kukayikira ngati mkaka wake ukukwanira.

Nthawi zambiri palibe chimene chalakwika. Tulo ta mwana wa masabata awiri kapena atatu n'tosiyana ndi ta mwana wa miyezi 6 pa zinthu zitatu: timabwera moduladula, timayamba mopepuka kwambiri, ndipo sitinadziwe kusiyanitsa usana ndi usiku. Kholo likamvetsa zinthu zitatuzi limadziwa pofunika kudikira, pofunika kuthandiza, ndi pofunika kuthamangira kuchipatala.

Maola ambiri, koma oduladula

Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019 amati mwana wosapitirira miyezi 3 amafunika kugona maola 14 mpaka 17 pa tsiku lathunthu, usana ndi usiku pamodzi. Wa miyezi 4 mpaka 11 amafunika maola 12 mpaka 16. Mayi amene wachezera akamva zimenezi amadabwa, chifukwa kwa iye mwanayo akuoneka ngati sagona. Koma maolawo alipo ndithu. Kungoti khanda limawagawa m'zidutswa za ola limodzi, awiri kapena atatu, n'kuzimwaza mofanana masana ndi usiku.

Chimene chimadula tulo choyamba ndi njala. Mimba ya khanda n'njaing'ono kwambiri, moti tsiku loyamba mkaka woyamba wachikasu uja umene limayamwa ulendo umodzi umangokwana kasupuni ka tiyi kamodzi kapena tiwiri. Mkaka wa m'mawere sukhalitsanso m'mimba. N'chifukwa chake azamba amalangiza kuti khanda liziyamwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku. Mukagawa maola 24 ndi maulendo amenewa muona kuti palibe mpata wogona maola 6 osadzuka. Kuyamwa kwa usiku kumathandizanso mayi, chifukwa timadzi ta m'thupi totchedwa polakitini, timene timachititsa kuti mkaka upangidwe, timachuluka usiku. Mwana woyamwa usiku akudziikira yekha oda ya mkaka wa mawa.

Mitundu iwiri ya tulo

Tulo sitiyenda mofanana kuyambira pogona mpaka podzuka. Munthu aliyense amazungulira pakati pa tulo topepuka ndi tulo tofa nato, kangapo usiku umodzi. Kwa wamkulu ulendo umodzi wotere umatenga pafupifupi mphindi 90. Kwa khanda umatenga mphindi 50 mpaka 60 zokha. Tinganene kuti wamkulu wakwera basi yaikulu yoima malo ochepa, pamene khanda lakwera minibasi yoima pa siteji iliyonse, ndipo pa siteji iliyonse likhoza kutsika, ndiye kuti kudzuka, kapena kupitirira.

Tulo topepuka ta khanda n'tosavuta kutizindikira mukakhala pafupi n'kuyang'anitsitsa. Zikope zimakhala zotseka koma maso akuyendayenda kunsi kwake, nthawi zina zimatseguka pang'ono n'kuoneka koyera. Milomo imayamwa mphepo. Nkhope imamwetulira, kenako kuchita tsinya. Tizala timanjenjemera, miyendo imaponyedwa, ndipo mwana amabuula kapena kulira kamodzi n'kusiya. Kupuma kumakhala kosalongosoka: amapuma mofulumira, n'kuima masekondi 5 kapena 10, n'kuyambanso. Zonsezi zikuchitika ali m'tulo. Munthu wamkulu akakhala m'tulo ta mtundu umenewu, timene maloto ambiri amabweramo, ubongo umagwira minofu kuti isasunthe. Mwa khanda kugwira kumeneku sikunakhwime, choncho zonse zimaonekera kunja.

Tulo tofa nato ndiye tosiyana. Nkhope imakhala bata, kupuma kumayenda mofanana, ndipo mukanyamula kamkono n'kukasiya kamangogwa lobodo.

Mu 1966 akatswiri atatu a ku America, Howard Roffwarg, Joseph Muzio ndi William Dement, anafalitsa zimene anapeza atayeza tulo ta makanda. Anaona kuti pafupifupi theka la tulo tonse ta khanda ndi topepuka tija, pamene kwa wamkulu timangokwana gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Iwo anaganiza kuti nthawi imeneyi ubongo umadzipatsa wokha ntchito kuti ukule, popeza khanda limakhala maso nthawi yochepa kwambiri. Maganizo amenewa akadali olemekezeka pakati pa ofufuza mpaka lero.

Pali kusiyana kwina kumene kumakhudza kholo usiku uliwonse. Wamkulu, ngakhalenso mwana wa miyezi 6, akagona amatsetserekera ku tulo tabata kaye. Khanda limayambira ku tulo topepuka, ndipo limatha pafupifupi mphindi 20 lisanafike ku tulo tofa nato. Apa ndiye pagona chinsinsi cha mwana amene wagona bwinobwino pabere koma ukangomuika pansi wadzuka.

Usiku umodzi wa mwana wa masabata atatu

Tiyerekeze mwana wa masabata atatu, wobadwa masiku atakwana, amene akuyamwa bwino. Nthawi ya 8:30 usiku wamaliza kuyamwa ndipo watseka maso. Mayi, poona kuti wagona, akumuika pamphasa nthawi yomweyo. Msana ukangokhudza pozizira mwana akutambasula manja onse awiri ngati akugwa, n'kuwabweza pachifuwa, kulira kwayambika. Kudzidzimuka kotereku ana onse amabadwa nako ndipo kumatha pakati pa miyezi 3 ndi 6. Si chizindikiro cha mantha kapena matenda.

Mayi akumunyamulanso, ndipo 8:45 mwana wagonanso. Ulendo uno akudikira. Akuona maso akuyendayenda kunsi kwa zikope, milomo ikuyamwa mphepo. Cha m'ma 9:05 nkhope yakhala bata, kamkono kagwa lobodo. Akumutsitsa pang'onopang'ono, matako kaye mutu pambuyo, chagada, n'kusiya dzanja pachifuwa chake kanthawi. Mwana sakudzuka.

Cha m'ma 9:35, patatha mphindi 50 chigonereni, ulendo woyamba watha. Mwana akuphiriphitha, akubuula, nkhope yafiira, walira kamodzi. Apa mpamene makolo ambiri achikondi amamudzutsa mwana amene sanadzuke. Amayatsa nyali, amamunyamula, amatsegula thewera, ndipo tulo timene tikanapitirira tathera pomwepo. Mayi wathuyu akungoyang'ana mphindi ziwiri kapena zitatu. Maso a mwana ndi otseka, kubuula kukuchepa, wagonanso. Zomwezo zikuchitika cha m'ma 10:25.

Nthawi ya 11:15 zinthu zasintha. Maso atseguka, mutu ukutembenukira uku ndi uku kamwa ili yasa, zibakera zikulowa m'kamwa. Uku ndiye kudzuka kwenikweni, ndipo patha maola pafupifupi atatu chiyamwireni. Apa palibe chodikira. Mwana ayamwe asanafike polira kwambiri, chifukwa wolira movutika amavuta kugwira bere.

Wagona 11:45, wadzuka cha m'ma 1:30, wayamwa. Koma tsopano sakugonanso. Sakulira, wakhuta, thewera n'louma, koma maso ali tuzu akuyang'ana denga mpaka 3 koloko. Ichi sichikuchokera ku njala kapena ku kufupika kwa tulo. Ndi nkhani ya wotchi ya m'thupi.

Wotchi imene sinayambe kuyenda

Mu ubongo wa munthu muli kachigawo kakang'ono, pafupi ndi pamene mitsempha yochokera m'maso imadutsana, kamene kamasunga nthawi. Kamalandira uthenga wa kuwala kuchokera m'maso, ndipo kukada kamalamula kuti thupi litulutse timadzi totchedwa melatonini, timene timauza ziwalo zonse kuti usiku wafika. Kukacha timadziti timachepa.

Mwana ali m'mimba amayendera wotchi ya mayi wake. Melatonini wa mayi amadutsa mu nsengwa n'kumufika, kutentha kwa thupi la mayi kumakwera ndi kutsika pa nthawi yake, ndipo zonsezi zimamuuza nthawi. Mchombo ukadulidwa uthengawo umatha, koma wotchi yake sinayambe kugwira bwino ntchito. Ofufuza a ku Adelaide m'dziko la Australia, motsogozedwa ndi David Kennaway, anayeza mkodzo wa makanda ndipo mu 1992 anafotokoza kuti kutuluka kwa melatonini motsata usana ndi usiku kumayamba kuoneka bwino pakati pa masabata 9 ndi 12. Kwa ana obadwa masiku asanakwane kumachedwerapo.

Choncho khanda silinasankhe usiku kusiya usana. Kwa ilo 2 koloko masana ndi 2 koloko usiku n'chimodzimodzi. Chimene chimachititsa kuti lizioneka ngati latembenuza nthawi ndi mmene tsiku lathu limayendera. Masana mwana amakhala kumsana kapena m'manja, akugwedezeka, akumva kutentha kwa munthu, ndipo zimenezi zimamuthandiza kudutsa kuchoka ulendo wina wa tulo kupita wina osadzuka. Usiku amaikidwa pansi, kuli zii, palibe chomugwedeza. Komanso ola limene wakhala maso masana palibe amaliwerenga, pamene la usiku nyumba yonse imalimva.

Wotchiyi siingakakamizidwe, koma ikhoza kuthandizidwa, ndipo chida chachikulu ndi kuwala. M'madera ambiri kwathu kuno mayi ndi mwana amakhala m'chikuta masiku oyambirira mpaka mchombo utagwa. Mwambowu umapatsa mayi mpumulo ndipo umateteza mwana ku matenda a alendo. Koma chipinda chikakhala chotseka mazenera tsiku lonse, kenako usiku n'kuyatsa babu lowala kwambiri posintha thewera, maso a mwana akulandira uthenga wotembenuka. Tsegulani katani kukacha, ngakhale muli m'chikuta. Mukatuluka, khalani naye pakhonde kapena pamthunzi m'mawa, osati padzuwa lenileni. Akamagona masana musatseke chipinda kuti mude, ndipo musaletse ana kusewera kapena kutseka wailesi. Phokoso wamba la pakhomo ndi chizindikiro chakuti kunja kwacha.

Usiku chitani zosiyana. Gwiritsani ntchito kuwala kochepa kongokwanira kuona kuti wagwira bwino bere. Tochi ya foni musailozetse kumaso kwake, ilozetseni kukhoma kapena pansi. Lankhulani motsitsa, musaseweretse, ndipo thewera musinthe ngati wachita chimbudzi kapena lanyowa kwambiri. Mwana amene maso ali tuzu 2 koloko usiku koma sakulira mukhoza kungomugwira mwakachetechete mumdima.

Kuyamwitsa nakonso kumathandiza. Mkaka wa usiku umakhala ndi melatonini wa mayi, pamene wa masana umakhala ulibe kapena wochepa zedi. Masana, mwana akagona kufika maola atatu, mudzutseni mofatsa ayamwe, kuti maulendo ambiri oyamwa agwere nthawi yowala. Koma musamukanize tulo tsiku lonse poganiza kuti atopa n'kugona usiku. Khanda silitha kukhala maso nthawi yaitali kuposa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Likayamba kuyasamula, kuyang'ana kumbali kapena kukwinya nkhope, lafuna kugona. Likapitirira pamenepo limalira kwambiri ndipo kuligoneka kumavuta koposa.

Zimasintha liti?

Pakati pa masabata 6 ndi 8 makolo ambiri amaona kuti chidutswa chachitali cha tulo chayamba kugwera usiku, mwina maola atatu kapena anayi. Chovuta n'chakuti kulira kwa madzulo kumafikanso pachimake cha m'ma sabata ya 6, ndipo ambiri amataya mtima nthawi imene zinthu zatsala pang'ono kusintha.

Pofika miyezi 3 kapena 4 wotchi imakhala yagwira. Mwana amagona kwambiri usiku ndipo masana amagona maulendo atatu kapena anayi. Kapangidwe ka tulo nakonso kamasintha: amayamba ndi tulo tabata monga wamkulu, ndipo gawo la tulo topepuka limachepa. Apa ana ena amene anayamba kugona bwino amayambanso kudzukadzuka, chifukwa tsopano akafika kumapeto kwa ulendo amazindikira kuti bere kapena manja amene anagonera palibe. Kumeneku si kubwerera m'mbuyo, ndi ubongo umene wakula.

Ngakhale pa miyezi 6 si ana onse amene amagona mpaka kucha. Kafukufuku wa ku Canada amene anatsogolera Marie-Hélène Pennestri wa pa yunivesite ya McGill, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti ana 38 mwa 100 aliwonse a miyezi 6 sankagona maola 6 mosadukiza, ndipo ofufuzawo sanapeze kuti anawo akutsalira pa kakulidwe ka nzeru kapena ka thupi. Ngati zili choncho pa miyezi 6, palibe chifukwa choyembekezera zimenezi kwa mwana wa masabata atatu.

Zimene kutopa kumachititsa

Kholo lotopa limalandira malangizo aliwonse. Ena amati mumupatse kaphala kamadzimadzi kuti akhute agone, ena madzi, ena mankhwala azitsamba, ena mankhwala a chimfine ogonetsa. Zonsezi n'zoopsa kwa khanda. Matumbo ake sanakonzeke kulandira china chilichonse, ndipo phala kapena madzi zimabweretsa kutsegula m'mimba n'kuchepetsa mkaka umene akanayamwa. N'chifukwa chake achipatala amati kuyamwitsa mwakathithi mpaka miyezi 6. Mankhwala ogonetsa akhoza kufooketsa kupuma. Kudzuka msanga ndi chitetezo cha khanda: likazizidwa, likamva njala, kapena nsalu ikatseka mphuno, tulo topepuka timalilola kudzuka n'kulira.

Pa chifukwa chomwecho, musamugoneke chafufumimba pofuna kuti agone nthawi yaitali. Mwana wogona chafufumimba amavuta kudzuka, ndipo kagonedwe kameneka kamaonjezera ngozi ya imfa yadzidzidzi ya m'tulo. Agone chagada nthawi zonse, pamalo olimba ndi osalala, popanda pilo, nkhope ili poyera, mkati mwa neti. Mabanja ambiri kwathu amagona ndi khanda malo amodzi. Zikatero bulangeti lolemera la akuluakulu lisamufike kumaso, asakhale pakati pa ana ena, ndipo munthu amene wamwa mowa, wosuta fodya kapena wamwa mankhwala ogonetsa asagone naye pafupi. Malo oopsa kwambiri ndi pasofa kapena pampando, pamene mayi wotopa amasinza mwana ali m'manja.

Tulo ta mayi natonso tisamalidwe. Popeza mwana amagona moduladula, mayi azigona naye masana ngakhale ulendo umodzi, ntchito zina azigwira ena. Bambo sangayamwitse, koma akhoza kumugeyetsa mwana, kumusintha thewera, ndi kumugwira mphindi 20 zoyambirira zija mayi atagona kale.

Mwana wofunika kumuopera

Khanda limene limadzuka maola awiri aliwonse, kulira mwamphamvu, kuyamwa mwamphamvu n'kugonanso, kawirikawiri lili bwino. Limene liyenera kudetsa nkhawa ndi lija anthu amaliyamikira kuti silivuta, logona maola anayi kapena asanu osafuna bere m'masabata oyambirira. Mwana asanabwerere pa kulemera kumene anabadwa nako, zimene zimachitika pofika masiku 10 mpaka 14, asapitirire maola atatu osayamwa, ngakhale usiku. Wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi, monga amene ali pa chisamaliro cha kangaru, amagona kwambiri ndipo sadzuka yekha ngakhale ali ndi njala. Ameneyu tsatirani nthawi imene anamwino anakuuzani. Pomudzutsa, dikirani pamene maso akuyendayenda kunsi kwa zikope, muvuleni zofunda, musisiteni kuphazi, ndipo mumuike pachifuwa khungu ndi khungu.

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ngati mwana sakudzuka mutamuvula ndi kumusisita, ngati wasiya kuyamwa kapena akuyamwa mofooka, ngati thupi latentha kapena lazizira kwambiri, ngati akukomoka, kapena ngati chikasu chaoneka tsiku loyamba kapena chafika m'zikhatho ndi kumapazi. Pa kupuma, kuima kwa masekondi ochepa kuja n'kwachibadwa, koma kuima kofika masekondi 20, milomo kapena lilime kuchita bii, chifuwa kulowa m'kati kwambiri, kubuula pa mpweya uliwonse, kapena kupuma ka 60 kapena kupitirira pa mphindi imodzi ali phee, ndi zizindikiro za ngozi. Matenda mwa khanda amayenda mofulumira, ndipo nthawi zambiri chizindikiro choyamba chimakhala tulo topitirira muyeso.

Ngati mukufuna kudziwa kuti mwana wanu ali bwino, musawerenge maola amene wagona usiku. Werengani maulendo amene wayamwa, asachepere 8 pa tsiku. Werengani matewera onyowa, asachepere 6 pa tsiku kuyambira tsiku lachisanu, mkodzo uli woyera. Yang'anani ngati mzere wa kulemera ukukwera m'buku la kusikelo. Zitatuzi zikakhala bwino, kudzukadzuka kwa usiku ndi msinkhu chabe, ndipo chimene mwana akufuna kwa inu ndi kuwala m'mawa, mdima usiku, ndi bere pamene wadzukadi.